Mutu ukugunda, maso achita chifunga, chizungulire nacho chafika: kodi ndi bipi?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 44, ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Patha masabata atatu mutu ukundiwawa mogunda, makamaka kunkhongo ndikamadzuka m'mawa. Nthawi zina maso amachita chifunga moti ndalama ndimachita kuyandikitsa kumaso, ndipo ndikaweramuka ndimamva chizungulire. Ndakhala ndikumwa bufeni wa m'golosale, mutu umaleka pang'ono n'kuyambiranso. Anzanga akuti ndi bipi, ndipo mmodzi wandipatsa mapiritsi ake asanu. Kodi ndimwe? Sindinayezetsepo chibadwire mwana wanga womaliza.

Yankho: Mayi, mapiritsi a anzanuwo musamwe, abwezereni mwini wake chifukwa iwo ndiye akuwafuna. Bufeninso muyambe mwamusiya. Ndipo lero lomwe, kapena mawa m'mamawa ngati mukuwerenga izi kutada, pemphani wina akukhalireni pa malonda, inu mutenge kabuku kanu ka kuchipatala mukayezetse. Ndikunena lero chifukwa cha maso aja. Mutu wokha ndikanati tingadikire tsiku loti mwapeza mpata, koma mutu ukabwera pamodzi ndi kusaona bwino, ife ogwira ntchito kuchipatala sitimakonda kuti munthu agone kawiri asanapimidwe.

Pali zizindikiro zina zomwe zikaoneka simudikiranso ngakhale kuti kuche. Pakamwa pakapotokera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo ukafooka kapena kuchita dzanzi mbali imodzi ya thupi, mawu akayamba kutuluka mokoka ngati a munthu woledzera pomwe simunamwe kanthu, diso limodzi likasiya kuona, mukayamba kubanika kapena kumva kuthina pachifuwa, mukasanza mutu uli chigundire, mukasokonezeka kapena kukomoka, pamenepo ndi kupeza galimoto nthawi yomweyo kupita kuchipatala chachikulu ku Ntcheu kapena ku Dedza, kulikonse kumene mungafike msanga. Chimodzimodzi ngati mutu wabwera mwadzidzidzi, woopsa kuposa mutu uliwonse umene munaumvapo. Awuzeni ana anu ndi bambo akunyumba zizindikiro zimenezi usiku uno, chifukwa munthu zikamuchitikira nthawi zambiri sakhala iye wozindikira, amazindikira ndi amene ali naye pafupi. Okuperekezaniwo asakumwetseni asipirini kapena phala panjira. Zambiri mwa zizindikirozi ndi za sitiroko. Sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha watsekeka, ina chifukwa mtsempha waphulika, ndipo asipirini pa mtsempha wophulika amawonjezera kutaya magazi. Komanso munthu wa sitiroko amatsamwa msanga chifukwa kumeza kumavuta.

Tsopano tibwere ku zimene anzanu anena. N'kutheka akunena zoona. Koma bipi saidziwa ndi mutu, amaidziwa ndi makina basi. Apa ndi pamene anthu ambiri kuno kwathu amasokonezekera, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono.

Dzina lathu loti kuthamanga kwa magazi limatinamiza pang'ono. Munthu akamva choncho amaganiza kuti mtima ukugunda mofulumira, kapena kuti magazi achuluka m'thupi. Chimene timayeza ndi mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha. Inu a ku Lizulu mukudziwa mmene alimi amathirira madimba m'chilimwe ndi injini ndi paipi. Madzi angakhale ochepa omwewo, koma wina akatsina paipi kumapeto, paipi yonse imauma gwa, ndipo pamene pali pofooka pamayamba kuchucha. Mitsempha yathu ikauma kapena kuchepa njira, mtima umakankha mwamphamvu kuti magazi afike kumene akufunika. N'chifukwa chake munthu angathe kukhala wochepa magazi, m'maso muli mbuu, koma bipi yake ili yokwera. Angathenso kukhala wowonda, wolima tsiku lonse, wosadziwa n'komwe kukoma kwa zonona, koma n'kupezeka nayo.

Makina akamaliza kufinya mkono amaonetsa manambala atatu. Pamene palembedwa SYS ndiyo nambala yam'mwamba, mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya. Pamene palembedwa DIA ndiyo yam'munsi, mphamvu yotsala m'mitsempha pamene mtima ukupuma pakati pa kugunda kuwiri. Yachitatu, imene nthawi zambiri amalemba PUL, ndi kuchuluka kwa kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi, ndipo imeneyo si bipi. Munthu wamkulu wabwinobwino amakhala cha m'ma 120/80. Timanena kuti munthu ali ndi matenda a bipi nambala yam'mwamba ikamafika 140 kapena kupitirira, kapena yam'munsi ikamafika 90 kapena kupitirira, pa masiku awiri osiyana. Nambala imodzi yokha ikakwera, n'zokwanira, sizilira kuti zikwere zonse.

Chimene chimadabwitsa anthu n'chakuti pa 150/95 kapena 160/100 ambiri samva kalikonse. Amadzuka, amasenza matumba, amapita kumaliro, amadya bwino. Kafukufuku wa dziko lonse amene anachitika m'Malawi muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka zapakati pa 25 ndi 64 anali ndi bipi yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Tangowerengani amayi amene mumayala nawo malonda mumzere umodzi, muone kuti ndi angati pamenepo. Ndiye mutu ukamawawa mwa munthu wa bipi ya 150/95, nthawi zambiri wapweteka pa zifukwa zake zina, monga kusagona, njala, dzuwa, maganizo kapena malungo, ndipo bipiyo tangoipeza chifukwa mutu wamubweretsa kuchipatala.

Zimasintha bipi ikakwera kwambiri, cha m'ma 180/120 kupita m'mwamba, makamaka ikakwera mwamsanga. Ubongo uli ndi njira yake yodzitetezera. Mphamvu ya magazi ikachuluka, timitsempha take timadzithina kuti magazi olowa asapyole muyezo. Koma njirayi ili ndi malire. Mphamvu ija ikapyola malirewo, timitsemphato timagonja, madzi amayamba kudontha kulowa mu ubongo, ndipo ubongo umatupa m'chigaza momwe mulibe malo ofutukukira. Mutu wogunda, nseru, chizungulire ndi kusokonezeka zimachokera pamenepo. Kuseri kwa diso nako kuli kachikopa kopyapyala kamene kamalandira kuwala, kodzaza ndi timitsempha tating'ono kwambiri. Timeneti tikayamba kuchucha madzi kapena magazi, munthu amaona ngati chifunga cha pa Dedza mwezi wa Juni chalowa m'nyumba, kapena amaona timadontho takuda ndi tinyenyezi tikuuluka. Maso akafika pamenepa, impso ndi mtima nazo zimakhala zili pa mavuto omwewo ngakhale sizikulankhula. N'chifukwa chake ndakuumirizani za lero. Zizindikiro zanu zitatuzi ngati zikuchokeradi ku bipi, ndiye kuti si bipi yongoyamba kumene.

Koma m'kalata yanu muli mawu amodzi amene andichititsa kuganiza kawiri. Mwati chizungulire chimabwera mukaweramuka. Chizungulire chobwera munthu akadzuka pamene anakhala kapena anawerama nthawi zambiri chimaloza kwina: bipi yotsika, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena kuchepa kwa magazi. Pa msinkhu wanu amayi ambiri amayamba kutaya magazi ochuluka akapita kumwezi, ndipo kuchepa kwa magazi nako kumapweteketsa mutu mogunda, kumachititsa chidima m'maso, kumagunditsa mtima munthu akakwera kachitunda. Bufeni naye akamwedwa masabata angapo angathe kukanda m'mimba mpaka kutulutsa magazi pang'onopang'ono, chimbudzi n'kumada ngati phula. Tsono taganizani kuti vuto lanu ndi limeneli, bipi yanu ili 100/60, inu n'kumwa mapiritsi otsitsa bipi a anzanu. Mungagwe pamsewu wa M1 pomwepo magalimoto akudutsa.

Palinso shuga, amene akakwera amasokoneza maso, kumwetsa madzi kwambiri ndi kukodzetsa usiku. Pali malungo, makamaka ngati mwakhala mukutsikira ku Bwanje kapena ku Golomoti kokapikula katundu. Pali mutu waching'alang'ala, umene umagunda mbali imodzi, ndipo kwa ena umayamba ndi kuthwanima m'maso kwa mphindi zingapo mutu usanafike. Pali maso eniake. Zaka zikapyola 40 anthu ambiri amayamba kuvutika kuona zapafupi, koma amenewo amatalikitsa ndalama kuti aone bwino, sayandikitsa ngati inu, ndiye ineyo sindingathamangire kunena kuti ndi ukulu chabe. Zonsezi n'zosiyanitsika ndi zoyeza zosavuta, ndipo zambiri zimatheka m'mawa umodzi.

Funso limodzi ndikufunsani mosabisa, monga mmene ndikanachitira mukanakhala patsogolo panga: kodi n'kutheka kuti ndinu oyembekezera? Pa zaka 44 mimba imatheka ndithu, ndipo ena amaiyesa kusiya kusamba mpaka miyezi itapita. Mwa mayi woyembekezera amene wapyola masabata 20, kapena amene wabereka m'masabata 6 apitawa, mutu woopsa ndi kusaona bwino ndi nkhani ina yoopsa kwambiri. Bipi ya pamimba ingathe kumukomola mayi ngati wakhunyu ngakhale manambala asanafike 180, ndipo pa 160/110 timathamanga kale. Nkhope ndi manja zikatupa, kapena pakamapweteka pansi pa nthiti za kumanja, mayiyo apite kuchipinda cha amayi oyembekezera nthawi yomweyo. Mapiritsi ena a bipi, monga enalapulilo, amavulaza mwana m'mimba, ndipo inu simukudziwa kuti amene mwapatsidwawo ndi ati. Ngati muli pa mapiritsi olera akumwa tsiku ndi tsiku, mukanenenso, chifukwa mtundu wina wa mapiritsiwo umakweza bipi ndipo a zakulera angakusinthireni njira.

Mukafika koyezetsa, samalani mmene muyezedwere, chifukwa nambala yolakwika imapatsa munthu mankhwala osafunika kapena kumubweza kunyumba ali pangozi. Musayezedwe mukadali wefuwefu mutangotsika pa kabaza. Pitani kaye mukataye madzi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza nambala. Kwa theka la ola musanayezedwe musamwe tiyi kapena khofi, ndipo ngati mumafwenkha fodya wamphuno muyambe mwaleka. Khalani pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, miyendo yosapingasa. Mkono ugone patebulo molingana ndi mtima, ndipo lamba wa makina akulunge pakhungu, osati pamwamba pa juzi. Kuno kozizira anthu amabwera atavala majuzi awiri, ena amangokwinyira m'mwamba mpaka juziyo n'kuthina mkono ngati chingwe. Ndi bwino kuvula dzanja limodzi. Makina akamafinya musalankhule, ngakhale kuyankha moni. Ngati mkono wanu ndi waukulu, funsani ngati pali lamba wamkulu, chifukwa lamba wochepa pa mkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Pemphani kuti akuyezeni kawiri, pakati padutse mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo chifukwa cha chizungulire chija, akuyezeninso mutaimirira. Manambala onse alembedwe m'kabuku kanu pamodzi ndi tsiku. Kungouzidwa kuti yakwera pang'ono sikuthandiza dokotala amene adzakuoneni mwezi wamawa.

Zotsatira zake zikhala chimodzi mwa izi. Akapeza 180/120 kapena kupitirira, inu muli ndi mutu ndi maso otere, simuyenera kubwerera ku msika. Mukufunika kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo, ayeze mkodzo ngati muli zizindikiro zoti impso zikuvulala, ayeze magazi, ayang'ane kuseri kwa maso ndi katochi kake, ndipo mwina akugonekeni. Musadabwe mukaona kuti sakuitsitsa kufika 120 tsiku lomwelo. Amachita dala. Ubongo umene wazolowera mphamvu yaikulu ukalandidwa mphamvuyo mwadzidzidzi umasowa magazi, ndipo sitiroko imene tikuithawa ingabwere chifukwa cha mankhwala. Pa maola oyamba timatsitsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi basi, zotsalazo pang'onopang'ono. Ichi ndi chifukwa china chimene sitifunira kuti munthu azimeza mapiritsi awiri atatu a mnzake kuti mutu uleke msanga.

Akapeza zapakati, monga 155/98, ndiye kuti bipi ilipo yoyenera kuitsatira, koma musalole kuti nkhani ya mutu ndi maso ithere pomwepo. Pemphani ayeze kuchuluka kwa magazi, shuga ndi malungo, ndipo mubwerenso pakatha masiku ochepa mudzayezedwe kachiwiri. Akapeza 118/76, thokozani Mulungu, koma mutu wa masabata atatu ndi maso achifunga zikufunabe yankho, ndipo a zamaso kuchipatala cha boma akuoneni.

Ndikufotokozereni za bambo wina amene ndinkamuona, mlimi wa kachewere wa cha ku Bembeke, wa zaka 52. Anabwera ndi dandaulo lofanana ndi lanu, mutu wa kunkhongo m'mawa ndi maso olemera. Anali wowonda, manja okhakhala ndi khasu, ndipo anaseka nditamuuza kuti tiyeze bipi, amvekere matenda amenewo ndi a mabwana. Koyamba makina anaonetsa 178/108. Atapuma mphindi zisanu anaonetsa 172/104. Shuga anali bwino, malungo analibe. Nditafunsa za kwawo, anati mayi ake anafa ziwalo mbali imodzi asanamwalire, ndipo mkulu wake ali pa mankhwala. Atabweranso patatha masiku atatu tinapeza 170/104, ndiye tinamuyambitsa mapiritsi awiri akumwa kamodzi m'mawa: aja okodzetsa amene m'kabuku timalemba HCTZ, mamiligalamu 25, ndi amulodipini mamiligalamu 5. Patatha mwezi inali 150/94. Tinakweza amulodipini kufika mamiligalamu 10. Mwezi wotsatira inali 134/84, mutu utaleka, bambo akumwetulira.

Kenako sanabwerenso. Inali nthawi yokumba kachewere, mapiritsi anali pafupi kutha, mutu sunkawawa, ndipo iye anaona kuti wachira. Ndi mmene tinazolowerera ndi malungo: umamwa mankhwala masiku atatu, thupi n'kupepuka, nkhani yatha. Anandiuza pambuyo pake kuti anasunga mapiritsi anayi m'thumba la jekete kuti adzamwe mutu ukadzayambiranso. Patatha miyezi inayi anamubweretsa atamugwirira pa njinga yamoto, mwana wake atakhala kumbuyo. Mkazi wake anati m'mawa umenewo kapu ya tiyi inangomupulumuka m'dzanja lamanzere, ndipo tiyi amene anamwa ankatuluka pambali pa mlomo. Bipi inali 214/126. Chimene sindiiwala n'chakuti masabata onse asanagwe mutu sunamuwawe ngakhale tsiku limodzi. Mapiritsi anayi aja anali akadali m'jekete. Bamboyo anapulumuka, ndipo atachita mafizo kwa miyezi anayambanso kuyenda, koma dzanja lija silinabwerere mphamvu yogwira khasu.

Ndakuuzani zimenezi chifukwa ndikuona kumene ulendo wanu ungakhotere. Mukapezeka ndi bipi, mudzapatsidwa mankhwala, mutu udzaleka, ndipo mnzanu wina wokufunirani zabwino adzakuuzani kuti musazolowere mapiritsi. Mankhwala a bipi sachotsa matendawa, amangowagwira kuti asakwere, ndipo mukasiya, pakatha masiku kapena masabata ochepa nambala imabwerera mwakachetechete. Amamwedwa tsiku lililonse, mutu uwawe kapena usawawe. Komanso sagwira ngati panado. Amulodipini amatenga sabata kapena kupitirira kuti mphamvu yake ikhazikike m'thupi, ndiye kumwa limodzi lero chifukwa mutu wagunda kenako n'kudikira sabata sikuteteza kanthu. Mutu ukaleka mutamwa piritsi limodzi, sichikhala chitsimikizo choti inali bipi.

Mankhwalawa ali ndi zovuta zake, ndipo ndi bwino muzidziwiretu kuti zisadzakuthawitseni. HCTZ amakodzetsa, n'chifukwa chake timati mumwe m'mawa kuti usiku mugone. Amulodipini amatupitsa akakolo mwa anthu ena, makamaka pa mamiligalamu 10 komanso mwa anthu oima kapena kukhala malo amodzi tsiku lonse ngati inu a pamsika. Kutupako nthawi zambiri si impso kapena mtima, koma kukaoneka mukanene kuti aone ndi kusintha muyezo. Enalapulilo amapatsa ena kachifuwa kouma kosatha, kokanda pakhosi, ndipo ndaonapo anthu akuyezetsa chifuwa chachikulu kawiri konse pomwe wolakwa ndi piritsi. Zonsezi zili ndi posinthira. Mukapeza kuti mtundu umene mumamwa kulibe tsiku limenelo, musangobwerera. Funsani dokotala ngati pali wina wolowa m'malo, kapena akulembereni dzina ndi muyezo kuti mukagule ku famase. Ndipo muzipita kukatenga ena mapiritsi asanu akadalipo.

Za bufeni ndinenenso pang'ono, chifukwa m'magolosale mwathu amagulidwa ngati maswiti. Bufeni, daikulofenaki ndi indosidi ndi a banja limodzi. Amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi, amakweza bipi, amafooketsa mphamvu ya mankhwala a bipi, ndipo amalemetsa impso zimene bipi ikuzivutitsa kale. Palinso chinthu china: mankhwala opha ululu akamamwedwa pafupifupi tsiku lililonse kwa nthawi yaitali, iwo omwe amayamba kubweretsa mutu mphamvu yake ikamatha. Ngati mutu wavuta pamene mukudikira kuonedwa, panado ndiye wabwinopo, mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, osapitirira kanayi pa tsiku. Koma akhale wokufikitsani kuchipatala, osati wolowa m'malo mwa ulendowo.

Pa zakudya sindikuuzani zambiri, chifukwa ndiwo zamasamba, nyemba ndi kachewere zimene mumagulitsazo ndi zabwino kale. Nkhondo ili pa mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza mpaka kutumphuka. Kasupuni kameneko ndi ka tsiku lonse, kuwerengera zonse zimene zalowa m'kamwa. Tsono taganizani tsiku lanu pamsika. M'mawa tiyi ndi buledi, amene ali ndi mchere wake kale. Masana tchipisi cha pachiwaya, wogulitsa wawaza mchere, inu mwawazanso wina wosakaniza ndi tsabola. Madzulo nsima ya usipa wouma kapena nsomba zamchere, mphika wathiridwa mchere wodzaza chikhatho ndi kachibulo kokometsera ndiwo, pambali pali therere la soda, ndipo pamphasa pali kambale ka mchere woti aliyense awonjezere. Soda wophikira ali ndi chinthu chomwecho chimene chimakweza bipi mu mchere, ngakhale sawawa ngati mchere pa lilime. Poyambira pabwino ndi kuchotsa kambale kaja, kuyeza mchere wa mumphika ndi supuni m'malo mwa dzanja, ndi kuviika nsomba zamchere m'madzi n'kutaya madziwo musanaphike. Masabata awiri oyamba a pabanja adzadandaula kuti ndiwo sizikukoma, koma lilime limazolowera. Muchepetsere banja lonse, chifukwa matendawa amayenda m'magazi a pamtundu ndipo ana anu akukula ndi lilime limene mukuwaphunzitsa. Adyo ndi mandimu amene anthu amalimbikitsana, idyani ngati zokometsera ndiwo. Sindinaonepo bipi ya 170 itatsikira pabwino ndi adyo yekha.

Anthu amakondanso kunena kuti bipi ndi maganizo, ndipo mayi akapezeka nayo achibale amayamba kufufuza amene wamukhumudwitsa. N'zoona kuti mkwiyo, mantha ndi ngongole ya banki m'khonde zimakweza nambala pa nthawiyo. Koma bipi yokhazikika imachokera kwambiri ku mtundu, msinkhu, mchere, kunenepa, mowa ndi impso. Mavuto akatha nambala simangotsika yokha. Mwanena kuti munayezedwa komaliza muli ndi mimba ya mwana wanu womaliza. Ngati kabuku ka sikelo ya nthawi imeneyo kakadalipo, katengeni. Mayi amene bipi inamukwerapo ali woyembekezera amakhala pa chiopsezo chachikulu choti idzabwerenso akamakula, ndipo dokotala akaona zimenezo m'kabuku adzadziwa kuti akuyang'anireni mwapafupi.

Potuluka m'nyumba tengani kabuku, pepala la bufeni amene mwakhala mukumwa, ndi mankhwala ena alionse ngakhale azitsamba, kuti dokotala aone ndi maso ake. Musapite nokha, ndipo musakwere njinga yopalasa nokha muli ndi chizungulire. Mukafika pamzere, muuzeni namwino poyambirira pomwe kuti mutu wakuwawani masabata atatu ndipo maso sakuona bwino, kuti akuyezeni musanakhale pabenchi kudikira. Anzanu amene anakupatsani mapiritsi aja muwatenge mupite nawo limodzi. Ngati ali ndi asanu opatsa ena, n'kutheka kuti nawonso akumwa modumphadumpha, ndipo akufunika kuyezedwa tsiku lomwelo.